Kupeta Mawu: Phunziro Lochokera ku Maofesi a Boma la Mangalande

Pa 9 Ogasiti 1940, pamene ndege za nkhondo za Jeremani zinali kulimbana ndi za Mangalande mumlengalenga, nduna yaikulu ya dzikolo, Winston Churchill, inalembera nduna zinzake kalata ya tsamba limodzi. M'kalatamo simunali za zida kapena za asilikali ayi, koma za kalembedwe. Iye anadandaula kuti malipoti amene ankafika patebulo pake anali aatali kwambiri, mwakuti nthawi ndi mphamvu zinkathera pa kufunafuna mfundo m'chipiringu cha mawu. Choncho anapempha kuti mfundo zikuluzikulu zizilembedwa m'ndime zazifupi, ziwerengero ziziikidwa kumapeto, ndiponso kuti mawu ongodzazira pepala azichotsedwa kapena kulowedwa m'malo ndi liwu limodzi. Anamaliza ndi ganizo lakuti wofupikitsa zolemba zake amakakamizika kuganiza molongosoka.

Nkhondo itatha m'chaka cha 1945, vutoli linakula. Boma latsopano la Clement Attlee linasenza ntchito zambiri zimene kale silinkagwira. Linakhazikitsa ndondomeko yothandiza odwala, okalamba ndi osowa ntchito, ndipo mu Julayi 1948 linayambitsa chithandizo cha kuchipatala cha anthu onse. Zakudya zina zinkagulidwabe mwa muyezo mpaka m'chaka cha 1954. Zonsezi zinachititsa kuti makalaliki azilembera makalata anthu wamba ochuluka zedi, monga amayi amasiye, ogwira ntchito m'migodi ndi eni timasitolo. Munthu akalephera kumva kalata yotere ankatha kutaya thandizo limene linali lake.

Poona izi, mkulu wa ogwira ntchito m'boma, Edward Bridges, anapempha Ernest Gowers kuti alembe kabuku kolangiza makalaliki. Gowers, yemwe anabadwa m'chaka cha 1880, anali mkhalakale pa ntchito za boma. Adatsogolerapo nthambi yotolera misonkho, ndipo pa nthawi ya nkhondo ankayang'anira chitetezo cha anthu wamba mumzinda wa London. Buku lake lotchedwa Plain Words, kunena kuti mawu osavuta kumva, linatuluka m'chaka cha 1948. Lachiwiri linatsatira mu 1951, ndipo mu 1954 mabuku awiriwa anaphatikizidwa kukhala limodzi.

Malangizo a Gowers anali ochepa. Wolemba asachulutse mawu koposa amene afunika, asankhe liwu lodziwika m'malo mwa lachilendo, ndiponso atchule chinthu chenicheni m'malo molankhula mozungulira. Komabe iye sanali mdani wa chiganizo chilichonse chachitali. Anachenjeza kuti olemba malamulo amatalikitsa ziganizo ndi cholinga, chifukwa amafuna kutseka mpata uliwonse umene munthu angazembere. Vuto linali lakuti kalaliki, poopa kulakwa, ankangokopera mawu a lamulo m'kalata yopita kwa munthu wamba. Ntchito yake yeniyeni inali yofotokoza lamulolo m'mawu omveka popanda kulisintha. Apa ndi pamene pagona luso, pakuti kudula mawu aliyense akhoza, koma kudula mosavulaza mfundo n'kovuta.

Kuti tione m'mene ntchitoyi imagwiridwira, ndapeka chiganizo m'Chichewa chofanana ndi zimene makalaliki otere ankalemba. Tiyerekeze kuti bambo wina wavulala pa ntchito ndipo wapempha thandizo ku ofesi ya boma. Yankho labwera motere:

"Tikufuna kukudziwitsani kuti pokhudzana ndi nkhani ya pempho lanu lopempha chithandizo cha ndalama, kuganiziridwa kwa pempholo kungathe kuchitidwa ndi ofesi ino pokhapokha ngati kutumizidwa kwa kalata yochitira umboni ya kwa dokotala kwachitika ndi inu nthawi yokwana masiku 14 isanathe kuchokera pa tsiku la kulandiridwa kwa kalata ino."

Chiganizochi chili ndi mawu 47, ndipo wowerenga amafika kumapeto ataiwala kumene anayambira. Tisanafufute liwu ndi limodzi lomwe, tiyenera kudzifunsa kuti kodi chikunena chiyani. Mfundo zake zilipo zinayi. Yoyamba, ofesi ikunena za kuganizira pempho, osati kupereka ndalama. Yachiwiri, popanda kalata ya kwa dokotala pempholo siliganiziridwa. Yachitatu, chofunika kwa bamboyu n'kutumiza kalatayo m'masiku 14. Yachinayi, masikuwo akuyamba kuwerengedwa pa tsiku lolandira kalata ya ku ofesi, osati pa tsiku limene inalembedwa. Mfundo zinayizi ndizo mbewu. Zina zonse ndi mankhusu. Ndi bwino kuzilemba padera kuti tidzaziyang'anenso pomaliza.

Tsopano tikhoza kuyamba kupeta. Choyamba kuchoka ndi mawu ongolengeza kuti wolemba ali pafupi kulankhula. Mawu akuti "tikufuna kukudziwitsani kuti" sauza bamboyu kanthu, chifukwa kalata iliyonse imalembedwa kuti idziwitse. Akuti "pokhudzana ndi nkhani ya" alinso chimodzimodzi. Kenaka tichotse mawu obwereza: pempho silifunika kutchedwa "lopempha", ndipo masiku 14 ndi nthawi kale, kotero "nthawi yokwana" ndi katundu wongolemetsa.

Chachiwiri, tifune aneni amene abisika. Kuuma kwa chiganizochi kukuchokera pa zochita zitatu zimene zasandutsidwa mayina: "kuganiziridwa kwa", "kutumizidwa kwa" ndi "kulandiridwa kwa". Mneni akasanduka dzina, chiganizo chimasowa mphamvu, ndipo wolemba amakakamizika kubwereka aneni opanda pake monga "kuchitidwa" ndi "kwachitika" kuti achiimike. Mankhwala ake ndi kufunsa kuti akuchita ndani. Woganizira ndi ofesi, ndiye tilembe kuti "tingathe kuganizira". Wotumiza ndi bamboyu, ndiye tilembe kuti "mutatumiza". Wolandira ndi yemweyonso, ndipo Chichewa chili ndi liwu limodzi lonyamula mawu onse akuti "kuchokera pa tsiku la kulandiridwa kwa", lomwe ndi "chilandirireni". Tikatero chiganizo chikhala chotere:

"Tingathe kuganizira pempho lanu la chithandizo cha ndalama pokhapokha mutatumiza kalata ya umboni ya kwa dokotala pasanathe masiku 14 chilandirireni kalata ino."

Mawu atsala 22, ndipo tikabwerera ku mfundo zinayi zija tipeza kuti zonse zilimo. Taonani kuti mawu akuti "tingathe" ndi "pokhapokha" sitinawakhudze, ngakhale akuoneka ngati aang'ono. Iwo ndiwo malire a zimene ofesi yalonjeza.

Nanga wolemba waphuma akadatani? Iye akadakondwera ndi chiganizo ichi cha mawu 9 okha: "Tumizani kalata ya dokotala m'masabata awiri ndipo mudzalandira ndalama." N'chachifupi, n'chokoma m'khutu, koma n'chabodza. Ofesi inati ingathe kuganizira, koma chiganizochi chikuti ndalama zidzabwera ndithu. Ofesi inati popanda kalata ya kwa dokotala palibe chingachitike, koma ichi chikuti kalatayo payokha ndi yokwanira, zomwe ndi zinthu ziwiri zosiyana. Tsiku loyambira kuwerenga nalo lasowa. Wolemba uyu wataya mbewu pamodzi ndi mankhusu.

Pali njira yosavuta yodziwira ngati mfundo yasintha. Peka nkhani imene ingachititse chiganizo chimodzi kukhala choona pamene chinzake chili chabodza. Tiyerekeze kuti bambo uja watumiza kalata ya kwa dokotala pa tsiku la 10, ofesi yaunika pempho lake, ndipo yalikana chifukwa chakuti kuvulalako sikunachitikire pa ntchito. Malinga ndi chiganizo cha mawu 47, ofesi sinaname, pakuti inangonena za kuganizira. Malinga ndi cha mawu 22, sinanamenso. Koma malinga ndi cha mawu 9, ofesi yaphwanya lonjezo, ndipo bamboyu, amene mwina anakongola kale ufa kusitolo podalira ndalamazo, ali ndi chifukwa chokwiyira. Tiyesenso nkhani ina: kalata ya ku ofesi yachedwa masiku 5 ku positi. Ziganizo ziwiri zoyamba zikumupatsabe masiku 14 athunthu. Chachitatu chikumusiya ali kakasi, osadziwa ngati atsala 14 kapena 9. Tikalephera kupeza nkhani yolekanitsa chiganizo chakale ndi chatsopano, pamenepo tikhoza kukhulupirira kuti zikunena chimodzi.

Mawu amene amasowa kawirikawiri pa ntchito yofupikitsa ndi aang'onoang'ono: "mwina", "ena", "ambiri", "pafupifupi", "okha", "akuti". Wophunzira mbiri ayenera kusamala nawo kwambiri. "Mafumu ena anakana msonkho" sichifanana ndi "mafumu anakana msonkho", ndipo "akuti mfumu inathawa usiku" chikunena za mphekesera pamene "mfumu inathawa usiku" chikutsimikiza. Liwu limodzi lochotsedwa likhoza kusandutsa mboni yosamala kukhala yonama.

Luso limeneli lilinso ndi malire. Nthawi zina chiganizo chimauma chifukwa chikubisa kanthu. Kalata ikati "chiganizo chinapangidwa chakuti pempho likanidwe", sitikuuzidwa amene anagamula. Wokonza alibe ufulu wolemba kuti "bwanamkubwa anakana pempho lanu" pongofuna kuti chiganizo chikhale ndi mwininkhani. Kutero n'kuwonjeza mfundo imene munalibe. Angathe kulemba kuti "pempho lanu lakanidwa", kapena apite akafunse mwini kalata kuti anagamula ndani. Pofunsapo m'pamene zimadziwika kuti mwina wolembayo nayenso sankadziwa bwino chimene amafuna kunena, monga momwe Churchill anaonera mu 1940.

Gowers anamwalira m'chaka cha 1966, koma buku lake linakonzedwanso ndi Bruce Fraser mu 1973, ndiponso ndi mwana wa chidzukulu chake, Rebecca Gowers, mu 2014. Kukonzedwa mobwerezabwereza kotereku kukusonyeza kuti chizolowezi chobisala kuseri kwa mawu ambiri sichinathe ndi m'badwo umodzi wa makalaliki. Chimaonekanso m'zimangirizo za ophunzira amene amaganiza kuti chiganizo chachitali ndicho chanzeru. Tsono mukatenga cholembera kuti muwongole chiganizo chouma, chanu kapena cha mnzanu, yambani mwalemba pambali mfundo zimene chikunena. Mukatha kupeta, bwererani mukaziwerenge imodziimodzi, ndipo ngati imodzi yasowa kapena yachilendo yalowamo, ntchito ikadalipo.