Kupepesa amayi mutayambana: uthenga wa pafoni ndi zotsatira zake

Kwathu, mwana akalankhula mawu oipa kwa amayi ake, pamakhala anthu oyanjanitsa. Pakati pa Achewa udindowu nthawi zambiri umagwera amalume, omwe ndi mwinimbumba, kapena agogo. Mwana amagwada, kuvomera kulakwa, nkhani n'kutha. Kuno ku Finglas, kumpoto kwa mzinda wa Dublin, amalume ali kutali, ndipo ana ambiri amayamba ndi foni. Uthenga wa pafoni ungathandize, koma ntchito yake ndi kugogoda pakhomo chabe. Kupepesa kwenikweni kumachitika pamaso.

Nthawi yotumiza

Musalembe mtima udakali m'mwamba. Gonani kaye, koma pasadutse masiku awiri, chifukwa kukhala chete kumaoneka ngati mwano wina. Ganiziraninso ntchito yawo: ngati amayi agwira ntchito usiku wonse yosamalira okalamba, dikirani adzuke. Ngati ali ku Malawi, kumbukirani kuti kumeneko nthawi ili patsogolo ndi maola 2 m'nyengo yozizira ya kuno, ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala.

Zolemba mu uthengawo

Mawu oti "pepani" paokha sakwanira. Timawanena ngakhale kwa munthu amene wapunthwa kapena waferedwa, choncho sasonyeza kuti wolakwa ndani. Mawu ofunika ndi "ndinalakwa" ndi "mundikhululukire". Yambani ndi "Amayi", ndipo atchuleni "inu". Chingerezi sichisiyanitsa "iwe" ndi "inu", n'chifukwa chake ngakhale Chichewa chothyoka chimawafika pamtima kuposa Chingerezi chosalala.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 16 amene wafika kunyumba mochedwa kuchokera ku Charlestown, komwe anali ndi anzake. Amayi atamudzudzula, iye wayankha kuti, "Kuno si kumudzi kwanu, mumandichititsa manyazi." M'mawa mwake akulemba kuti: "Pepani ngati mwakhumudwa, koma inunso munandikalipira." Uthengawu ukolezera moto. Mawu oti "ngati" akukayikira zoti amayi apwetekedwa, ndipo "koma" akuwabwezera mlandu.

Uthenga wabwino ungakhale uwu: "Amayi, ndinalakwa dzulo ponena kuti mumandichititsa manyazi. Si mawu oyenera kunena kwa inu. Mundikhululukire. Ndingalankhule nanu madzulo ano?" Mtsikanayu watchula mawu enieni amene ananena, sanadziikire kumbuyo, ndipo wapempha kukumana. Dandaulo lake la nthawi yofikira panyumba likadalipo, koma lidikire tsiku lina.

Ngati sakuyankha

Pa WhatsApp, timizere tiwiri totuwa timasonyeza kuti uthenga wafika, ndipo tikasanduka tabuluu ndiye kuti watsegulidwa. Koma munthu angathe kuzimitsa chizindikirochi, kotero musaweruze nacho mtima wa amayi. Musatumize mauthenga ena motsatizana, ndipo musafufute umene mwatumiza, chifukwa pamatsala chizindikiro choti mwafufuta kanthu. Fupa lokakamiza limaswa mphika.

Amayi ambiri sayankha ndi mawu. Akakusungirani nsima, kukutumani kusitolo kapena kukufunsani ngati mwavala jekete, dziwani kuti khomo latseguka. Pakatha masiku atatu kuli zii, pemphani munthu wamkulu amene iwo amamulemekeza, monga azakhali kapena mayi wa kumpingo, kuti akuperekezeni. Nkhaniyi isafike pagulu la abale la pafoni.

Pokumana

Sankhani nthawi imene ang'ono anu agona. Ngati m'nyumba muli anthu ambiri, kayendeni limodzi ku Tolka Valley Park. Ikani foni pansi, bwerezani ndi pakamwa zimene munalemba, kenaka mvetserani osawadula mawu, ngakhale atakumbutsa zakale. Ngati ali kutali, imbani foni yoonana nkhope. Madzi akatayika saoleka: mawu aja sangabwezedwe, ndipo amayi angakhululuke lero koma n'kumawakumbukirabe kwa miyezi.

Kwa makolo

Mwana wokulira kuno akapepesa pafoni, sikuti wakupeputsani. Kawirikawiri amakhala akuopa kuti pamaso panu mawu amuthawa. Kusukulu amaphunzitsidwanso kuyang'ana munthu wamkulu m'maso polankhula, zimene kwathu ena amaziona ngati chipongwe. Yankho lalifupi loti "Ndamva mwanawe, tikambirana madzulo" silikuchotserani ulemu. Ngati nanunso munanena mawu olasa, avomereni.

Pomwe uthenga sungathandize

Zonsezi zikukhudza mkangano wa mawu. Ngati panyumba pali kumenyedwa kapena kuopsezedwa, kupepesa sikungathetse vutolo. Ana osapitirira zaka 18 angaimbe ku Childline mwaulere pa 1800 66 66 66 usana ndi usiku, ndipo pa ngozi nambala ndi 999 kapena 112.