Chithunzi cha Seketi ya Magetsi

Chithunzi cha seketi ndi chojambula chosonyeza njira imene magetsi amadutsa, kuchokera kumene akuchokera, kudzera m'zipangizo, mpaka kubwerera. Sichionetsa kumene swichi ili pakhoma kapena kutalika kwa waya. Chimangonena kuti ichi chalumikizana ndi icho. Ophunzira zamagetsi m'makoleji a ntchito zamanja, monga Soche ku Blantyre ndi Nasawa ku Zomba, amakopera zithunzi zotere m'makope awo, ndipo masiku ano ambiri amangojambula kope la mnzawo ndi foni. Zizindikiro zake n'zimodzimodzi kulikonse, kaya nyumba ikulandira magetsi a ESCOM pa boma la Mulanje kapena a MEGA, opangidwa ndi madzi a mtsinje wa Lichenya ku Bondo.

Chimodzi mwa zithunzi zoyambirira m'kope lotere ndi seketi ya mababu a m'nyumba. Mzere wowongoka ndi waya. Wolembedwa L ndi layivu, wobweretsa mphamvu ya 230 V. Wolembedwa N ndi nyutulo, wobwezera magetsi. Wolembedwa E ndi waya wapansi, woteteza munthu, ndipo chizindikiro chake ndi timizere titatu togona, kamunsi kofupika kuposa kamwamba. Babu ndi kabwalo kokhala ndi mtanda mkati. Swichi ndi mzere woduka, wokhala ndi kamkono kotukuka ngati chitseko chotsekula pang'ono. Fyuzi ndi kabokosi kamene mzere wadutsa pakati pake m'litali, pomwe rezisita ndi kabokosi komweko kopanda mzere mkati, ngakhale mabuku a ku Amereka amaijambula ngati mano a sowo. Buleka imaoneka ngati swichi yokhala ndi kamtanda pamene kamkono kamakhudza. M'maseketi a sola mumapezekanso batire: mizere iwiri yoyandikana, wautali ndiwo + ndipo waufupi ndiwo −.

Powerenga, chala chiyambire pa L. Chidutse pa buleka ya 6 A, chifike pa swichi, kenako mzere ugawikane kupita ku mababu awiri, ndipo lililonse litulukire pa N. Apa pali chizindikiro chaching'ono kwambiri koma cholemera kuposa zonse: kadontho. Mizere iwiri ikadutsana popanda kadontho, mawayawo sakukhudzana. Pakakhala kadontho, ndiye kuti alumikizidwa. Vuto la chithunzi cha pafoni lili pomwepa. Kadontho ka pensulo kamafufutika ndi kuwala, tsamba lopindika limakhotetsa mizere, ndipo mizere ya m'kope momwemo imatha kuoneka ngati mawaya. Wowerenga wosamala sangokhulupirira maso ake. Amafunsa ngati zimene akuonazo zingagwire ntchito. Akaona ngati L wakumana ndi N popanda babu pakati, adziwe kuti wawerenga molakwa, chifukwa kulumikiza kotero ndi shoti, ndipo buleka ingagwe nthawi yomweyo.

Mababu awiri aja ali moyandikana, lililonse ndi njira yakeyake pakati pa L ndi N, choncho lililonse limalandira 230 V yonse. Wina akawalumikiza motsatana, magetsi n'kumadutsa m'babu loyamba kenako lachiwiri, mababu akale ofanana amagawana mphamvuyo, 115 V lililonse. Amayaka mwachizimezime, ndipo ukachotsa limodzi, linalo limazima. Umu ndi mmene cholakwachi chimadziwikira m'nyumba.

Nambala ya buleka imamveka bwino ndi samu yosavuta. Kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya kumapezeka ndi `I = P / V`. Mababu 10 a 9 W lililonse ndi 90 W, ndipo kugawa ndi 230 V kumapereka pafupifupi 0.39 A, kutali kwambiri ndi malire a 6 A. Koma wina akalumikiza ketulo ya 2,000 W pa seketi yomweyi, ikoka pafupifupi 8.7 A, ndipo buleka idzagwa pakapita kanthawi. Kuikapo buleka yaikulu sikukonza kanthu. Buleka imateteza waya wa 1.5 mm² wa mababu kuti usatenthe, ndipo ketulo malo ake ndi pa soketi, pamene pali waya wokulirapo wa 2.5 mm².

Chimene sichiyenera kusinthidwa pa chithunzichi ndi malo a swichi: nthawi zonse imakhala pa L. Ikaikidwa pa N, babu limayaka ndi kuzima bwinobwino, moti mwini nyumba sadziwa kanthu, koma chogwirira babu chimakhalabe ndi moto ngakhale swichi yazimitsidwa. Wosintha babu atakwera pampando, mapazi ali onyowa ndi mvula ya ku Mulanje, angafe nazo. Wamagetsi amazindikira cholakwachi poyeza chogwiriracho ndi tesita swichi ili yozima. Mitundu ya mawaya imathandiza koma siyodalirika payokha: m'nyumba zakale layivu ndi wofiira ndipo nyutulo ndi wakuda, pomwe mawaya atsopano ambiri layivu ndi wabulawuni ndipo nyutulo ndi wabuluu. Nyumba yowonjezedwa zipinda imatha kukhala ndi mitundu yonse iwiri, choncho waya uliwonse uyezedwe, ndipo buleka yaikulu izimitsidwe munthu asanaugwire.