Moni wa amayi pa msika wa Zomba

Ana inu, ine malonda ndinaphunzirira pa mkeka wa amayi mu msika wa Zomba, kwacha isanabwere mu 1971. Nthawi imeneyo tinkawerenga masheleni ndi makobidi. Tinkagulitsa matemba a ku Chilwa, mulu waung'ono tiki, waukulu sikisi. Mwezi ukatha, ogwira ntchito m'boma atalandira, anthu ankaunjikana pa mkekapo moti ine mutu unkangozungulira.

Amayi ankati munthu amene wapatsidwa moni sachoka msanga, koma amene sunamuyang'ane amapita kwa mnzako wa pambali, ndipo mawa sabweranso. Choncho pakamwa pawo pankalonjera wina, manja akukulungira wina, maso ali pa wachitatu.

Tsiku lina anafika atatu. Woyamba anali kamnyamata kotumidwa, tiki ili m'manja. Kenaka mayi wina amene tinkamudziwa kuti sagula asananenerere, ndipo pambuyo pake bambo wachikulire, mesenjala wa ku boma. Amayi anayamba ndi bamboyo ngakhale anafika pomaliza. Anaomba m'manja pang'ono nati, "Wawa bambo, mwadzuka bwanji? Pepani, ndithane kaye ndi mwanayu, kwawo mphika uli pamoto." Bamboyo anangogwedeza mutu naima. Moni unapita kwa wamkulu, koma matemba anayamba kulandira ndi mwana amene anafika poyamba, ndipo palibe anadandaula.

Amayi anamupatsa mayi uja katemba kamodzi. "Achemwali, talawani kaye, ouma bwino awa." Munthu amene akutafuna sanenerera, komanso sachoka. Anamusiya dala kuti akhale womaliza, chifukwa ukatsitsa mtengo ena akumva, onse amafuna womwewo. Bambo uja atapita, amayi anakambirana naye motsitsa mawu. Mtengo sanatsitse, anangomuponyera basela pokulunga m'pepala, iye n'kumapita akuseka.

Ine ndinapsa nazo tsiku limene anandisiya ndekha. Ndinalandira ndalama kwa anthu awiri nthawi imodzi n'kuponya m'chitini, pakamwa ndikulonjera wachitatu. Mmodzi anati wandipatsa masheleni awiri, ine ndikukumbukira imodzi. Umboni ndikanautenga kuti? Ndinabweza chenje cha masheleni awiri, misozi ili m'maso, ena amene ankadikira n'kubalalika chifukwa cha phokosolo.

Madzulo amayi sanandikalipire. Anayala mkeka pakhonde, iwo nakhala wogula. Ankandipatsa sheleni, ine n'kuiika poyera pa mkeka ndi kunena mokweza kuti, "Mwandipatsa sheleni, milu iwiri ya tiki, chenje chanu sikisi." Ndalamayo inkalowa m'chitini pokhapokha chenje chitafika m'manja mwawo. Akatambasula dzanja lina ngati munthu wachiwiri, ndinkayenera kuliyang'ana ndi kunena kuti, "Ndakuonani mayi, ndikubwera," koma osalandira kanthu. Tinabwereza mpaka nsima inazizira.