Kuundana kwa ayezi kumbuyo kwa filiza ya firiji

Kuundana kwa ayezi kumbuyo kwa filiza ndi vuto lomwe limapezeka m'mafiriji odzisungunulira okha ayezi, omwe amisiri amawatcha kuti nofurositi. Firiji imapitiriza kulira komanso kuziziritsa, koma khoma la kumbuyo m'kati mwa filiza limakutidwa ndi ayezi woyera amene amachuluka tsiku ndi tsiku. Nthawi zambiri zimenezi zimasonyeza kuti zida zosungunulira ayezi zasiya kugwira ntchito, makamaka hita kapena tayima. Vutoli likanyalanyazidwa, mbali ya firiji yosungirako ndiwo, mkaka ndi zakumwa imayamba kufunda, zakudya n'kumawonongeka, pamene kompuresa ikugwira ntchito osapuma.

M'mafiriji akale amene mapaipi ozizira amakhala m'makoma enieni a filiza, ayezi amaundana mwachibadwa ndipo mwini wake amazimitsa firiji kuti asungunuke. Mafiriji otero alibe hita yosungunulira, choncho nkhani ino sikuwakhudza.

Momwe ayezi amapangikira

M'firiji ya nofurositi, kuzizira konse kumachokera pa koilo imodzi ya mapaipi a aluminiyamu yotchedwa evaporeta, yomwe imabisika kuseri kwa chivundikiro cha kumbuyo kwa filiza. Kompuresa ikamagwira ntchito, koiloyi imazizira kuposa filiza yeniyeniyo, nthawi zambiri kufika pa -25°C kapena kutsika kuposa apo. Pamwamba pake pamakhala fani yaing'ono imene imakoka mpweya kudutsa m'tizitsulo topyapyala ta koiloyo n'kuukankhira m'filiza, kuti mukhale pa -18°C. Gawo lina la mpweya wozizirawo limadutsa m'kanjira kupita ku mbali ya zakudya, komwe kumafunika kukhala pakati pa 3°C ndi 5°C.

Nthawi iliyonse chitseko chikatsegulidwa, mumalowa mpweya wofunda wokhala ndi chinyontho. Zakudya zosavundikira nazonso zimatulutsa chinyontho. Chinyonthochi chikafika pa koilo chimauma n'kukhala ayezi, chifukwa palibe malo ena ozizira kuposa pamenepo. Zimenezi zimachitika m'firiji iliyonse, ngakhale yatsopano. Kusiyana kwake n'kwakuti firiji yabwinobwino imachotsa ayeziyu asanachuluke.

Zida zosungunulira ayezi

Tayima ndi kabokosi kokhala ndi mota yaing'ono yomwe imazunguza kagudumu pang'onopang'ono. Pakatha maola 6, 8 kapena 12, malinga ndi mtundu wake, imadula magetsi opita ku kompuresa ndi fani n'kuwapereka ku hita kwa mphindi pafupifupi 20 mpaka 30. Kenako imabwezera magetsi ku kompuresa. M'mafiriji ambiri, tayima imawerenga maola okhawo amene kompuresa yagwira ntchito. Mafiriji amakono ambiri alibe tayima ya mota. Ntchito yake imagwiridwa ndi bolodi ya zamagetsi, yomwe imadalira sensa yoyeza kuzizira kwa koilo.

Hita imakhala pansi pa koilo kapena imalukidwa m'koilomo. Ina imakhala waya wopotana m'kati mwa chubu chagalasi, ina imakhala ndodo yachitsulo yopindidwa. Ikatentha, ayezi amasungunuka, madzi n'kutsikira m'kangalande, kudutsa m'paipi, mpaka kukafika m'kambale ka pafupi ndi kompuresa komwe amaphwa ndi kutentha.

Pa mzere womwewo wa hita pamakhala zida zina ziwiri. Choyamba ndi baimeto, kaswichi kozungulira komangiriridwa pa paipi ya koilo. Kamalola magetsi kudutsa pokhapokha kakazizira kwambiri, ndipo kamadula koilo ikafunda kufika cha m'ma 10°C, kuti hita isapitirize kuwotcha ayezi atatha. Chachiwiri ndi fyuzi ya kutentha, yomwe imaduka kamodzi kokha kutentha kukadutsa cha m'ma 70°C, ndipo siibwereranso. Popeza hita, baimeto ndi fyuzi zimalumikizidwa motsatana, chimodzi chikaduka hita siyaka ngakhale zinazo zili bwino.

Zizindikiro

Vutoli limakula pang'onopang'ono. Masiku oyambirira firiji imaziziritsa monga mwa nthawi zonse, pamene ayezi akudzaza mipata ya koilo kuseri kwa chivundikiro. Kenako ayezi amatulukira m'timabowo ta mpweya n'kuonekera pa khoma la kumbuyo. Ena amamva phokoso la fani ikukhula ayezi. Mipata ikatsekeka, mpweya umalephera kudutsa, ndipo mbali ya zakudya ndiyo imayamba kufunda chifukwa imadalira mpweya wochokera ku filiza. Nyama ya m'filiza imatha kukhalabe youma kwa masiku angapo popeza ili pafupi ndi ayeziyo, n'chifukwa chake anthu ambiri amachedwa kuzindikira kuti pali vuto. Pomaliza filiza nayo imafunda, chifukwa ayezi wochindikala amatchinga koilo kuti isakoke kutentha.

Chizindikiro china chodalirika chimaoneka firiji ikazimitsidwa kwa tsiku lathunthu zitseko zili zotsegula. Ikayatsidwanso imagwira bwino ngati yakonzedwa, koma vuto limabwerera pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. M'nyengo yamvula, pamene mpweya uli ndi chinyontho chambiri, limabwerera msanga. Kumene magetsi amathimathima kwa maola ambiri, ayezi wina amasungunuka yekha ndipo vutoli limabisika, koma madzi otsalirawo amaumanso n'kukhala ayezi wolimba ngati galasi, wovuta kusungunula.

Kusiyanitsa ndi mavuto ena

Maonekedwe a ayezi pa koilo, chivundikiro chikachotsedwa, amathandiza kudziwa gwero la vuto. Zida zosungunulira zikafa, koilo yonse imakwiririka ndi ayezi woyera kuyambira pamwamba mpaka pansi. Gasi akachepa, ayezi amaundana pa ngodya imodzi yokha pamene paipi imalowera, mbali yotsalayo n'kukhala yopanda kanthu. Labala ya pachitseko ikang'ambika kapena chitseko chikamatsala pang'ono kutsekeka, ayezi wofewa amawaza pa zakudya, pa mashelefu ndi pafupi ndi chitseko. Paipi yotayira madzi ikatsekeka, koilo imakhala yoyera bwino koma pansi pa filiza pamayala ayezi wosalala, ndipo madzi amadontha m'mbali ya zakudya.

Kayezedwe

Pa firiji ya tayima ya mota, amisiri amayamba ndi kuzunguza tayima pamanja. Imapezeka kumbuyo pafupi ndi kompuresa, kunsi kutsogolo, kapena m'kabokosi ka themositati m'kati. Ili ndi kamutu kolowetsapo sikuludiraiva, ndipo kamazungulira mbali imodzi yokha. Kamazunguzidwa pang'onopang'ono mpaka pamveke kuti "tha" ndipo kompuresa iime. Zimenezi zimachitidwa ayezi akadalipo, kuti baimeto ikhale yozizira. Ngati patapita mphindi zochepa pamveka madzi akudonthera pa hita yotentha, ndiye kuti hita, baimeto ndi fyuzi zili bwino, ndipo wokayikitsa ndi tayima yomwe sinkafika yokha pa nthawi yosungunula. Umboni wake umakwanira ngati padutsa mphindi 40 kompuresa osayambanso, chifukwa zikusonyeza kuti mota ya tayima yaima. Tayima ikaima pa nthawi yoziziritsa imabweretsa ayezi, koma ikaima pa nthawi yosungunula firiji siziziritsa n'komwe.

Ngati hita sinatenthe, pulagi imazulidwa pakhoma, chivundikiro n'kuchotsedwa, ndipo chida chilichonse chimayezedwa pachokha ndi mita yoyezera maomu, mawaya ake atamasulidwa. Maomu oyembekezeka a hita amapezeka pogwiritsa ntchito mawati olembedwa pa hitayo kapena pa chikwangwani cha firiji:

R = V² ÷ P

Apa V ndi mavoti, P ndi mawati, ndipo R ndi maomu. Hita yoduka imaonetsa OL pa mita, kutanthauza kuti magetsi alibe podutsa. Fyuzi yabwino imaonetsa maomu oyandikira 0 nthawi zonse. Baimeto imasocheretsa ambiri, chifukwa ikafunda imaonetsa OL ngakhale ili yabwino. Iyenera kuyezedwa ili yozizira, kaya idakali mu ayezi wa pa koilo kapena itaikidwa m'filiza ina kwa theka la ola. Baimeto yotupa kapena yong'aluka imakhala kuti yalowa madzi ndipo imasinthidwa. Pa firiji ya bolodi, sensa yabwino imaonetsa maomu ochuluka ikazizira ndi ochepa ikafunda, ndipo bolodi imakayikiridwa pomaliza, zida zina zonse zitapezeka zili bwino.

Chitsanzo

Tiyerekeze firiji ya zitseko ziwiri ya mavoti 230, yokhala ndi hita ya mawati 200 ndi tayima ya maola 8. Mkaka ukusasa msanga, nyama ya m'filiza idakali youma, ndipo khoma la kumbuyo layera ndi ayezi. Tayima yazunguzidwa, kompuresa yaima, koma kwa mphindi 10 sipanamveke kudontha kulikonse. Patatha mphindi 25 kompuresa yayambanso yokha. Zimenezi zikusonyeza kuti mota ya tayima ikuyenda, choncho vuto liyenera kufunidwa pa mzere wa hita.

Malinga ndi masamu, 230 × 230 ÷ 200 ndi maomu pafupifupi 265. Pulagi itazulidwa, baimeto yomwe idakali mu ayezi yaonetsa maomu oyandikira 0, fyuzi chimodzimodzi, koma hita yaonetsa OL. Ayezi atasungunuka, chubu chagalasi chikuoneka chakuda pamalo pamene waya unadukira. Hita ndiyo yafa. Ikanaonetsa maomu 260 kapena 270 ikanakhala yabwino, ndipo zida zitatu zonsezi zikanapezeka zili bwino, okayikitsa akanakhala mawaya olumikizira kapena tizitsulo togundana ta m'kati mwa tayima, tomwe timatha kupsa mota ikuyendabe.

Kukonza ndi zoyenera kusamala

Hita, baimeto, fyuzi ndi tayima sizikonzedwa koma zimasinthidwa. Hita yatsopano iyenera kufanana ndi yakale pa mavoti, mawati ndi kutalika. Ya mawati ochepa imasiya ayezi wina wosasungunuka, pamene ya mawati ambiri ikhoza kusungunula pulasitiki. Chubu chagalasi sichigwiridwa ndi zala, chifukwa mafuta a m'manja amachititsa kuti malo amenewo azitentha mopitirira. Fyuzi ikapezeka yoduka, baimeto kapena sensa iyeneranso kuunikidwa, popeza kawirikawiri fyuzi imaduka chifukwa chakuti hita sinazimitsidwe pa nthawi yake. Kulumikiza mawaya modumpha fyuzi kapena baimeto n'koopsa, chifukwa kumachotsa chitetezo chomwe chimaletsa moto.

Ayezi yense, kuphatikizapo wa m'kanjira ka mpweya ndi wa m'paipi yotayira madzi, ayenera kusungunuka firiji isanayatsidwenso, chifukwa hita inapangidwa kuti izichotsa ayezi wa maola ochepa chabe. Njira yabwino ndi kusiya zitseko zotsegula kwa maola 24 kapena kuthira madzi ofunda pa koilo pulagi ili yozulidwa. Kugoba ayezi ndi mpeni kapena sikuludiraiva kumaboola mapaipi a aluminiyamu mosavuta, gasi n'kuthawa, ndipo kukonza kwake kumadula kuposa hita. Mafiriji ambiri atsopano amagwiritsa ntchito gasi wa R600a yemwe amayaka, choncho kandulo kapena moto uliwonse suyenera kuyandikitsidwa pa koilo.