Uchi ngati mankhwala a chifuwa

Uchi ndi chakudya chotsekemera chimene njuchi zimapanga kuchokera ku timadzi ta m'maluwa. Umagwiritsidwanso ntchito pochepetsa chifuwa chobwera ndi chimfine kwa akuluakulu ndi ana amene akwanitsa chaka chimodzi. Kwa khanda losakwana miyezi 12, uchi ndi woletsedwa chifukwa ungayambitse matenda oopsa otchedwa botulizimu.

Momwe uchi umathandizira

Uchi ndi wonanda, choncho umakuta kukhosi n'kuchepetsa kuyabwa kumene kumachititsa munthu kutsokomola. Kutsekemera kwake kumachulukitsanso malovu, ndipo kukhosi sikuuma. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 amapatsidwa theka la supuni yaing'ono asanagone, uchi wokha kapena wosungunula m'madzi ofunda. Zikatero amatsokomola mocheperako usiku n'kugona bwino.

Komabe uchi suchiza chibayo kapena chifuwa chachikulu. Mwana wa msinkhu umenewu akamapuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kapena nthiti zikamalowa m'kati popuma, ayenera kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chifuwa chopitirira masabata awiri chimafunika kukayezetsa.

Chifukwa chake makanda sapatsidwa uchi

M'dothi ndi m'fumbi mumapezeka timbewu ta bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum, ndipo nthawi zina timalowa mu uchi. M'matumbo mwa munthu wamkulu muli mabakiteriya abwino ambiri amene amalepheretsa timbewuti kumera. M'matumbo mwa khanda mabakiteriya abwinowa amakhala asanakhazikike, motero timbewuti timamera, mabakiteriya amaswana n'kutulutsa poizoni. Poizoniyu amatchinga uthenga wochokera ku mitsempha kupita ku minofu, ndipo thupi limalefuka. Madokotala anazindikira matendawa kwa makanda mu 1976 m'dziko la America.

Uchi wokhala ndi timbewuti susintha maonekedwe, fungo kapena kakomedwe. Kuuwiritsa kapena kuuthira m'phala lotentha sikuthandiza, chifukwa timbewuti sitifa ndi madzi owira. Uchi wofula kumudzi ndi wogula m'sitolo ndi chimodzimodzi pa nkhaniyi, ndipo ngakhale kadontho kopaka pamilomo kangadwalitse khanda.

Zizindikiro

Zizindikiro zimaoneka pakadutsa masiku 3 mpaka 30, n'chifukwa chake makolo sangaganize msanga kuti vuto ndi uchi. Kawirikawiri khanda limayamba ndi kudzimbidwa. Kenako limayamwa mofooka, limalira motsitsa mawu, zikope zimagwa ndipo khosi limalephera kuimitsa mutu. Kufookaku kumayambira kumutu kutsikira m'munsi, ndipo kukafika pa minofu yopumira khanda lingamwalire. Nthawi zambiri thupi silitentha.

Khanda lotere lifunika kuthamangira nalo kuchipatala, ndipo azaumoyo auzidwe ngati linalawa uchi. Makanda ambiri amachira akathandizidwa kupuma ndi kudya, ngakhale zimatenga masabata angapo. Khanda likamatsokomola liyenera kuyamwitsidwa pafupipafupi, ndipo losakwana miyezi 6 liyamwe bere lokha.