Kulimba ndi kukungika: mawu awiri a ululu wa pansi pa chiuno

Munthu wa ku Mdeka akati "chiuno chikundipweteka", mawu amodziwo anyamula zambiri: msana wam'munsi, chinena, chikhodzodzo, ngakhale malo amene sitiwatchula pagulu. Pansi penipeni pa chiuno pali minofu yoyalidwa kuchokera ku fupa la chinena kukafika ku kafupa kothera msana. Imanyamula chikhodzodzo, matumbo, ndi chiberekero kwa amayi, ndipo ndiyo imatseka ndi kutsegula njira ya mkodzo ndi ya chimbudzi. Abambo nawonso ali nayo, ngakhale ambiri amaiyesa nkhani ya azimayi obereka okha.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mawu oti "kulimba". Timati mnofu walimba tikatanthauza kuti uli ndi mphamvu, komanso tikatanthauza kuti waumirira osamasuka. Kwa a mafizo izi ndi zinthu ziwiri. Mnofu wamphamvu umagwira pofunika kugwira, kenako n'kusiya. Wina uja ndi bwino tiziutcha wokungika, ngati chikumba cha ng'oma chimene achiwamba pamoto. Fumbatani chibakera kwa mphindi 10 mumve: dzanja limawawa, limatopa, ndipo silingagwirenso khasu bwino. Minofu ya pansi pa chiuno ikakhala yofumbata tsiku lonse zimateronso.

Tiyerekeze mnyamata wa kabaza amene amapalasa pakati pa Mdeka ndi Lirangwe. Chishalo chimamutsamira pakati penipeni, pomwe pamadutsa mtsempha wotchedwa pudendo, umene umanyamula kumva kwa malo obisika. Akakhala pansi pamaotcha, mwina amamva ngati wakhalira kamwala. Akaimirira kapena kugona ululu umachepa. Mkodzo umamupana pafupipafupi, koma akapita kuseri umachedwa kuyamba n'kutuluka pang'ono, pomwe chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimatha kusunga mamililita 400 mpaka 500. Mnofu wokungika umanyenga thupi kuti chadzaza. Iye, poopa kudzikodzera, amafinyanso kwambiri, ululu n'kumakulirakulira.

Anzake pasiteji angamuuze kuti ndi chinzonono kapena likodzo, ndipo si kulakwa kukayika choncho. N'chifukwa chake poyambira ndi kuyezetsa mkodzo kuchipatala. Magazi mumkodzo, mafinya kapena kutentha thupi zimaloza matenda ena ofuna mankhwala awo. Mkodzo ukatsekeratu, kapena pakati pa miyendo pakachita dzanzi, musadikire kuche. Koma ngati ayeza osapeza tizilombo, mapiritsi aperekedwa kawiri katatu osasintha kanthu, nthawi yakwana yopempha kalata yopita kwa a mafizo, monga a ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Kumeneko, wodwala akavomera, amayeza ndi chala chovala magolovesi. Akakanikiza mnofu wina wodwala n'kufuula kuti "ndi pomwepo!", vuto ladziwika.

Apa ndi pomwe mawu angavulaze. Ambiri anamvapo za mafizo ofinya ndi kusiya, amene dokotala wa ku Amereka Arnold Kegel anawafalitsa mu 1948 pothandiza amayi amene mkodzo umawadontha. Amenewo ndi olimbitsa mnofu wofooka. Kuwapatsa mnyamata wathuyu kuli ngati kuwambanso ng'oma yomwe yatsala pang'ono kung'ambika. Iye akufunika kumasula.

Agone chagada pamphasa, mawondo atapinda, dzanja lili pamimba. Akoke mpweya ndi mphuno akuwerenga mpaka 4, mimba ikwere chifuwa chili phee, ndipo alole kuti pansi paja pafutukuke ngati poyamba kukodza, koma osakankha. Atulutse pang'onopang'ono mpaka 6. Izi zimagwira ntchito chifukwa pokoka mpweya mnofu waukulu wa pansi pa mapapo umatsika, ndipo ya pansi pa chiuno imatsika nawo. Mphindi 5, m'mawa ndi madzulo. Akatero akokere mawondo kuchifuwa atawatangadza, akhale choncho masekondi 30, abwereze katatu. Kunjuta atagwira mtengo, zidendene zili pansi, kumamasulanso, ndipo ife ozolowera chimbudzi chokumba sitivutika nako. Ululu ukakwera n'kukhalitsa mpaka mawa lake, wapyoza muyeso, achepetse.

Pokhala pansi, apinde zitenje ziwiri n'kuziika pansi pa ntchafu ndi matako kuti pakati pasakhudze mpando. Chishalo achiweramitse pang'ono kutsogolo, ndipo podikira makasitomala azitsika n'kuimirira. Asasiye kumwa madzi pofuna kuchepetsa maulendo akuseri, chifukwa mkodzo wokhathamira umayabwa chikhodzodzo, ndipo kudzimbidwa kumamukakamiza kudzikankha. Kusintha kumatenga masabata angapo, kawirikawiri miyezi iwiri kapena itatu, ndipo chimene ambiri amayamba kuona ndi chakuti mkodzo wayamba kutuluka osaudikira.