Ngozi ya galimoto ku Joni: kalata ya inshuwalansi ndi kumene inachokera

Ambiri a ife ochokera ku Tukombo, Kande ndi Chintheche tikafika kuno ku South Africa timapezera mkate pa chiwongolero. Kumudzi tinazolowera kuti galimoto iliyonse yoyenda pa msewu wa M5 imakhala ndi kapepala ka inshuwalansi pagalasi, apo ayi apolisi akugwira pa rodibuloko. Kuno palibe lamulo lokakamiza mwini galimoto kugula inshuwalansi, ndipo pafupifupi magalimoto awiri mwa atatu alionse amayenda opanda. Nchifukwa chake kalata imene imabwera patapita miyezi ngozi itachitika imadzidzimutsa abale athu ambiri.

Kalatayo imachokera ku kampani ya inshuwalansi ya munthu amene mwamugunda. Imati: takonzetsa galimoto ya kasitomala wathu, wolakwa ndi dalaivala wanu, tibwezereni ndalama zathu. Ngati muli ndi inshuwalansi, kalata imapita ku kampani yanu. Ngati mulibe, imakupezani inuyo. Koma kampani imene simunapangane nayo kanthu imatenga kuti mphamvu yokulonjererani ngongole? Yankho lili m'mbiri ya dziko lino.

Adatchi atafika ku Cape mu 1652 anabwera ndi malamulo awo ochokera kwa Aroma, amene amati wowononga katundu wa mnzake mosasamala alipire. Angerezi atalanda Cape mu 1806 anawasiya malamulowo momwe analili, koma pa zamalonda analowetsa awo pang'onopang'ono. Mu 1879 boma la Cape linalamula kuti nkhani za inshuwalansi ziziweruzidwa motsata malamulo a ku Mangalande. Kumeneko kunali kale mfundo yotchedwa sabulogeshoni: kampani ikamulipira kasitomala wake, imalowa m'malo mwake ndi kutenga ufulu wake wosumira wolakwa. Chifukwa chake nchomveka. Wogundidwa asalandire kawiri, ndipo wogunda asapulumuke poti mnzakeyo anali wosamala nkugula inshuwalansi. Khoti la ku Free State linavomereza mfundoyi mu 1918 pa mlandu wa Ackerman ndi Loubser. Lamulo la 1879 lija linafafanizidwa mu 1977, koma mfundoyo inali itazika kale mizu.

Kwa zaka zambiri kampani inkasuma m'dzina la kasitomala wake, moti pa samani pankalembedwa dzina la munthu amene munagundana naye, ngakhale iyeyo analipidwa kale ndipo nkhaniyo anaiiwala. Mpaka lero zambiri zimayenda choncho. Koma mu 2008 khoti lalikulu la apilo ku Bloemfontein linagamula kuti kampani ikhoza kusuma m'dzina lake. Wodandaula pa mlanduwo anali Rand Mutual, kampani imene inakhazikitsidwa mu 1894 kuti izilipira ovulala m'migodi ya golide, migodi yomweyo imene agogo athu a ku Nkhata Bay ankatsikamo.

Palinso mbiri ina imene imatisokoneza. Mu 1942 nyumba ya malamulo inakhazikitsa inshuwalansi yokakamiza ya magalimoto, ndipo inayamba kugwira ntchito mu 1946. Koma inali ya anthu ovulala ndi omwalira basi, osati ya zitsulo. Mu 1986 boma linasintha njira: m'malo mogula kapepala, aliyense azilipira pothira mafuta. Thumba la lero, Road Accident Fund, linayamba mu 1997, ndipo pofika 2021 linkatenga R2.18 pa lita iliyonse. Apa mpamene ena amati, "Inshuwalansi ndimalipira pa pampu." Zoona, koma ndalamazo ndi za fupa lothyoka. Bampala, chitseko ndi nyali za mnzanu thumbalo silizidziwa.

Tiyerekeze kuti mnyamata wa ku Tukombo akuyendetsa kabaki ka bwana wake ku Randburg. Pa maloboti akukhotera kumanja, nkugundana ndi galimoto yobwera kutsogolo. Kukonza galimoto inayo kwadya R60,000. Mwini wake walipira yekha R5,000 ya ekisesi, kampani yake yalipira R55,000. Kalata yopita ku kampani ya inshuwalansi ya kabaki itchula tsiku ndi malo a ngozi, manambala a magalimoto onse awiri, nambala ya lipoti la apolisi, lipoti la woyesa zowonongeka ndi invoisi ya ku galaja. Kawirikawiri ifuna R60,000 yonse, kuti kasitomala abwezeredwe ekisesi yake.

Kampani ya kabaki silipira pompo. Iyamba yafunsa kuti wolakwa ndani, ndipo walakwa bwanji. Kale kuno, wodandaula akapezeka kuti nayenso analakwako, ankatha kutaya mlandu wonse. Lamulo la 1956 logawa mlandu linathetsa zimenezo: aliyense asenze gawo lake. Tinene kuti mboni zaonetsa kuti galimoto inayo inkathamanga mopyola muyeso, ndipo makampani agwirizana kuti mnyamata wathu walakwa magawo 70 mwa 100, winayo 30. Ndiye pa R60,000 mbali ya kabaki ilipira R42,000. Kabaki nakonso kanaphwanyika, kukonza kwake R20,000, ndipo mbali inayo isenza magawo 30, amene ndi R6,000. Akachotserana, zotsala ndi R36,000. Zithunzi za pamalo a ngozi ndi nambala ya foni ya mboni imodzi zikhoza kutsitsa ngongole kuchoka pa R60,000 kufika pamenepo.

Chofunika kugwiritsitsa ndi ichi: ngakhale kalata ikupita ku kampani, ngongoleyo ndi ya dalaivala, pamodzi ndi bwana wake ngati anali pa ntchito. Ku Malawi lamulo la pamsewu limalola wogundidwa kusumira kampani ya wolakwa mwachindunji. Kuno sizili choncho: kampani yanu inalonjeza kwa inu nokha, osati kwa amene mwamugunda. Ikakana kulipira, samani imabwera m'dzina lanu. Ndipo zifukwa zokanira zimadziwika: mwezi umenewo ndalama ya inshuwalansi sinadulidwe ku banki, layisensi inali itatha, dalaivala anali atamwa, ngozi sinanenedwe m'nthawi yake, kapena galimoto inalembetsedwa ngati yoyendera pakhomo pomwe inkanyamula anthu ndi katundu wa malonda. Chomalizachi ndicho chimagwetsa ambiri a ife. Chizindikiro choti zinthu zavuta nchoti makalata amasiya kupita ku kampani nkuyamba kubwera kwa inu, ochokera kwa maloya kapena otolera ngongole.

Nthawi nayo ili ndi malire. Lamulo la 1969 limati ngongole yotere imafa pakatha zaka zitatu. Kalata yokha siimitsa zaka zimenezi. Zimaima samani ikaperekedwa kwa inu, kapena inuyo mukavomera ngongoleyo, ndipo mukavomera kuwerenga kumayambiranso. Nchifukwa chake otolera ngongole amakonda kunena kuti, "Ingosainani apa, muzilipira pang'onopang'ono." Siginecha imeneyo imavomereza mlandu wonse ndi ndalama zonse, magawo aja asanakambidwe.

Choncho ngozi ikachitika, kanenezeni ku polisi pasanathe maola 24 ndipo sungani nambala ya lipoti. Musavomere kulakwa pamsewu, chifukwa pangano la inshuwalansi limaletsa zimenezo. Kalata ikafika, ipititseni ku kampani yanu kapena kwa bwana tsiku lomwelo. Ngati inshuwalansi mulibe, yankhani molemba, pemphani lipoti la woyesa ndi invoisi, fotokozani mbali yanu. Samani ikabwera muli ndi masiku khumi a khoti oti munene kuti mudziteteza. Mukakhala chete, khoti ligamula inu kulibe, ndipo ngongole yochokera m'chigamulo imakhala zaka 30 isanafe.